Kajambulidwe ka katundu wogulitsa pa intaneti ndi foni: zenera, pepala loyera ndi poimira

Zithunzi zambiri za katundu zimene zimaoneka zosakhala bwino mu katalogu, vuto silikhala foni ayi, limakhala malo amene munthu anajambulira. Babu la kudenga likuyaka, katundu waikidwa pabedi, foni yayandikitsidwa mpaka kutsala pang'ono kumugunda, fulashi kuti phethi, kenako nkumadabwa kuti bwanji chinthu chokongola chonchi chikuoneka chakale. Nde apa tiyenda pang'onopang'ono ndi chinthu chimodzi basi, chikwama cha m'manja chachikopa, chabulauni woderako, chotambalala mwina masentimita 30, chokhala ndi zipi, lamba ndi kachitsulo kotsekera konyezimira. Ndasankha dala chimenechi chifukwa ndi chovuta, chikopa chimanyezimira, mtundu wake ndi wakuda ndiye kamera imasokonezeka nacho, komanso chikakhala chopanda kanthu mkati sichiima chokha. Mukachitha ichi, nsapato, mawotchi ndi mabotolo a mafuta odzola muzangosintha pang'ono.

Musanagwire foni, konzani chikwamacho

Kamera ya foni imaona fumbi limene inu simukuliona. Pukutani chikopa ndi kansalu kofewa kouma, makamaka m'makona ndi pa kachitsulo paja pomwe pamatsala zidindo za zala. Mkati ikanimo mapepala ofwinyafwinya mpaka chiime chokha ndi kuonetsa shepu yake yeniyeni, koma osadzadza mpaka kutupa, kasitomala azayembekezera chikwama chachikulu kuposa chimene muli nacho. Ngati pali ulusi ukulendewera duleni. Ndiyeno pukutaninso lenzi ya foniyo. Foni timaigwiragwira tsiku lonse, lenzi imadzola mafuta a m'zala ndipo chithunzi chimatuluka ngati muli chifunga, pomwe pakuwala pamachita timizere totalika. Mukaona zimenezo musayambe kukayikira foni, ingopukutani.

Kuwala, apa nde pagona nkhani

Pezani zenera lalikulu limene panthawiyo dzuwa silikulowa mwachindunji. Mukufuna kuwala kwa masana koma osati dzuwa lenilenilo likumenya patebulo. Kusiyana kwake nkotere, dzuwa ndi kadontho kakang'ono kumwamba nde mthunzi wake umakhala wakuda bii wa m'mphepete mwakuthwa, ndipo pachikopa limasiya chigamba choyera chomwe simuonamo kanthu. Pomwe zenera lonse likamawala, kuwala kumachokera pamalo otambalala, kumazungulira chikwama mbali ndi mbali, mthunzi umafewa. Tsiku la mitambo ndi labwino kwambiri pa ntchito imeneyi olo anthu ambiri amaganiza kuti kukuda. Ngati zenera lomwe muli nalo ndi lolowa dzuwa basi, pachikani katani yoyera yopyapyala kapena nsalu yoyera ya pabedi, izachita ntchito yomweyo ya mitambo. Ikhale yoyera ndithu, katani yapinki izapaka pinki chilichonse.

Kenako zimitsani magetsi onse m'chipindamo. Anthu ambiri amakana apa, amati kuwala kukachuluka ndi bwino, koma si choncho. Kuwala kuli ndi mtundu. Pa muyezo wa mtundu wa kuwala wotchedwa Kelvin, mwachidule K, kwa masana kumakhala cha m'ma 5500K, pomwe mababu achikasu aja amakhala cha m'ma 2700K mpaka 3000K, ndipo kamera imatha kukonza mtundu umodzi wokha pa chithunzi chimodzi. Mukasakaniza, mbali ya kuzenera ituluka yabuluu mbali ya kubabu yachikasu, ndipo izi kuzikonza pambuyo pake ndi mutu waukulu chifukwa mukachotsa chikasu mbali ina buluu akuwonjezeka mbali inayo. Mababu ena amaphethira mwachangu moti maso saona, koma pa sikirini mumaona mizere yakuda ikuyenda, nayonso imathera pomwepo mukazimitsa. Fulashi nayo ikhale yozima, osati pa Auto, muizimitse kwenikweni. Imakhala pafupi ndi lenzi nde kuwala kwake kumamenya chikopa nkubwerera molunjika, zotsatira zake ndi chigamba choyera pakati ndi mthunzi wakuda kumbuyo.

Tsopano kokerani tebulo pafupi ndi zenera, chikwama chikhale mwina theka la mita mpaka mita imodzi kuchokera pagalasi. Zenera likhale kumbali kwanu, kumanzere kapena kumanja, osati kumbuyo kwanu komanso osati kumbuyo kwa chikwama. Likakhala kumbuyo kwanu mukudzitchingira nokha kuwala, mthunzi wanu ndi wa foni ugwera pa katundu, komanso chikopa chimaoneka chafulati ngati pulasitiki chifukwa timizere take timaoneka pokhapokha kuwala kukamadutsa chammbali. Likakhala kumbuyo kwa chikwama, kutsogolo konse kuda, mungotsala ndi shepu yokha. Chammbali ndiye bho, kapena chammbali motsogolako pang'ono, kuti kuwala kufike ndi kumaso kwa chikwama.

Mukayang'ana pano muona kuti mbali yoyang'ana kuzenera yawala bwino koma inayo yada kwambiri, pa chikwama chabulauni imafika pooneka yakuda mpaka zipi osaoneka. Apa musayatse babu. Tengani katoni yoyera kapena pepala lolimba loyera, lalikulu kuposa chikwamacho, muliimike mbali yamdimayo moyang'anizana ndi zenera, muliyedzamitse pa botolo kapena pa mabuku. Limabweza kuwala kwa pazenera kukathira mumthunzi. Yesani kulisuntha mukuyang'ana pa sikirini, likakhala masentimita 40 kuchokera pachikwama kusintha nkochepa, mukalibweretsa pa masentimita 15 kapena 20 muona zipi ija ikutulukira. Liyandikitseni mpaka kungotsala pang'ono kulowa m'chithunzi. Ena amakuta katoni ndi foyilo, imabweza kuwala kwambiri kuposa pepala, koma pa chikopa ine sindimaikonda, imabweretsa timawanga tonyezimira. Ndipo musathetse mthunzi wonse, kamthunzi kofewa pansi ndi kumbali ndi kamene kamaonetsa kuti chikwamacho chakhala pansi ndipo chili ndi thupi.

Chinthu china chimene chimasokoneza mtundu mwakachetechete ndi zomwe zazungulira. Khoma lobiriwira pafupi ndi tebulo, kapena malaya ofiira amene mwavala inuyo, zimabweza mtundu wake pachikopa, ndipo kachitsulo konyezimira kaja kamaonetsa zonse ngati kalilole, foni, zala, nkhope yanu. Valani zoyera, zotuwa kapena zakuda.

Kumbuyo kwa katundu

Gulani pepala loyera lolimbirako, losanyezimira. Kwa chikwama cha masentimita 30, pepala la A1 limakwana, limakhala masentimita pafupifupi 59 kwa 84, pomwe A2 yomwe ndi 42 kwa 59 imachepa mukaikapo ndi lamba, imeneyo ndi ya mawotchi ndi ndolo. Kankhirani tebulo kukhoma, matani mbali imodzi ya pepala kukhomako ndi selotepi chokwerako, ndipo lisiyeni litsike mokhota mpaka lifike pogona patebulo. Osalipinda pakona. Kukhota kumeneko ndi kumene kumachotsa mzere wa pomwe tebulo lakumana ndi khoma, chithunzi chimaoneka ngati kumbuyo kulibe malire. Mukalipinda kamodzi kokha mzerewo uzioneka pa chithunzi chilichonse.

Chikwama musachigunditse kumbuyo, chikokereni kutsogolo masentimita 20 kapena kuposerapo kuti mthunzi wake ugwere pansi osati kukwera pepala. Nsalu ngati kumbuyo imavuta, makwinya ake onse amaoneka ndi kuwala kwa chammbali komwe tasankha kuja, olo mutaisita imapanga mafunde. Ndipo musadzaze maluwa, makandulo ndi zina pachithunzi choyamba, munthu akusuntha katalogu pa sikirini yaing'ono, asachite kufunsa kuti chikugulitsidwa ndi chiti.

Ngati katundu wanu ndi woyera, pepala loyera limamumeza m'mphepete, gwiritsani lotuwa pang'ono. Koma kwa china chilichonse choyera ndiye chosavuta, komanso misika ina ya pa intaneti imachita kulamula. Amazon mwachitsanzo imafuna kuti chithunzi chachikulu chikhale ndi kumbuyo koyera kotheratu, komwe pa manambala a mitundu ya pa kompyuta ndi RGB 255, 255, 255, ndipo katundu adzaze osachepera 85% ya chithunzicho. Olo simukugulitsa kumeneko, muyezo wa 85% uja ndi wabwino kuutsatira.

Kamera, ndi nkhani ya pepala lotuwa

Tsegulani kamera pa Photo wamba. Osati Portrait, imeneyo imachita kuyerekeza pomwe katundu wathera nkufufutiza kumbuyo, nde pa zinthu zopyapyala ngati lamba wa chikwama imalakwitsa, imadya mbali ya lambayo kapena kusiya kagawo kosafufutika pakati pa zogwirira. Mafyuluta onse zimitsani, ndi zija zosalalitsa nkhope, zimasalalitsanso chikopa. Yatsani Grid mu zokonzera za kamera kuti muzioona timizere tokuthandizani kuwongola. Siyani kukula kwa chithunzi pa 4:3, ndi pomwe mafoni ambiri amagwiritsa sensa yonse, kachipangizo kotola chithunzi mkati mwa kamera, kudula muzadula pambuyo, koma siyani malo okwanira m'mbali.

Tsopano jambulani chimodzi choyesera ndipo mwina mudabwa, pepala loyera lija latuluka lotuwa, chikwama chada kuposa mmene chilili. Si kuti kuwala kwachepa. Kamera ikaona zoyera zambiri imaganiza kuti kwawala mopitirira nde imachepetsa yokha kuti zonse zifike pakatikati, zoyera nkusanduka zotuwa. Kukonza kwake, dinani pa chikwamacho pa sikirini kuti fokasi ipite pomwepo, kenako kwezani kuwala ndi chala. Pa iPhone pamabwera kadzuwa pambali pa kabokosi kachikasu, mumakokera mmwamba, pa mafoni ambiri a Android pamabwera kamzere kofanana nako. Kwezani pang'onopang'ono mpaka pepala liyere koma maso anu akhale pa chikwama, makamaka pomwe chikopa chikunyezimira ndi pa kachitsulo. Timizere ta chikopa tikayamba kusowa pamalo owalawo, mwapitirira, bwererani pang'ono. Kuli bwino pepala litsale lotuwako pang'ono kusiyana ndi kupsereza katundu, pepala muzaliyeretsa pokonza, koma malo opsa mulibe kanthu koti nkubweza.

Pena zimachitika mosiyana, mukadina pachikwama chakuda foni imawalitsa yokha mopitirira mpaka bulauni woderako kusanduka wotumbululuka. Apo kokerani pansi. Muyezo ndi umodzi, yang'anani chikwama chenichenicho, yang'anani sikirini, zifanane. Mukafika pabwino dinani nkugwiritsa chala kwa kanthawi kuti zikhomeke, pa iPhone pamalemba AE/AF LOCK, pa Android ambiri pamaoneka kaloko. Mukatero foni siisinthasintha kuwala nthawi iliyonse mukatembenuza chikwama, zithunzi zonse zituluka zofanana.

Popeza magetsi tazimitsa, foni imatsegula shata nthawi yaitaliko kuti itole kuwala, nde kunjenjemera pang'ono kwa dzanja kumafufutiza chithunzi. Pa sikirini yaing'ono simungaone, muzaona mukakulitsa. Ngati mulibe thirayipodi, choimikapo foni cha miyendo itatu, unjikani mabuku, yedzamitsani foni pa kapu yolemera, ikani taima ya masekondi 3 kuti kudina kwanu kusagwedeze. Mukajambula kulitsani ndi zala ziwiri pa ulusi wosokera ndi pa mano a zipi. Ulusi ukuoneka umodziumodzi, zili bwino. Ngati zikuoneka zosungunuka kapena pali timchenga m'malo akuda, kuwala kwachepa, sunthirani tebulo kufupi ndi zenera kapena dikirani nthawi yowala bwino.

Poimira ndi mbali zojambulira

Cholakwika chofala kwambiri ndi kuyandikira. Lenzi yaikulu ya foni, ija ya 1x, ndi yotambalala, cha m'ma 24 mpaka 26 mm pa muyezo wa makamera akuluakulu. Mukaiyandikitsa masentimita 20 kuti chikwama chidzaze sikirini, gawo lomwe lili pafupi ndi lenzi limakula mopitirira, kachitsulo kamaoneka kakakulu, chikwama chimatupa pakati, zogwirira zimachepa. Pa nsapato kutsogolo kumaoneka ngati kwa chimphona. Nde bwererani mmbuyo, mita imodzi kapena kuchepera pang'ono, nkudina 2x. Shepu imabwerera mmalo mwake, ndipo pali phindu lina, kumbuyo komwe kukulowa m'chithunzi kumachepa nde pepala lanu limakwana osaonetsa khoma m'mbali. Ngati foni yanu ilibe lenzi ya 2x ndipo mukachita zumu chithunzi chimaphwanyika, imani patali pomwepo, jambulani pa 1x, muzadule pambuyo. Chomwe chimakonza shepu ndi mtunda, osati zumuyo. Ya 0.5x isiyeni kutali, ndipo dziwani kuti mafoni ena amasinthira okha ku lenzi imeneyo mukayandikira kwambiri, mumaona sikirini ikudumpha pang'ono.

Chachiwiri ndi kutalika. Ambiri amajambula ataimirira foni ikuyang'ana pansi, chikwama nkutuluka chachikulu kumwamba chopyapyala pansi. Tsitsani foni mpaka lenzi ifike pakati pa msinkhu wa chikwama kapena pamwamba pake pang'ono, ndipo foniyo iime chilili osapendekera kutsogolo. Yang'anani timizere ta Grid, mbali za chikwama ziyende limodzi ndi timizere toimirira, pansi pake payende ndi togona. Zikamatseguka ngati V, foni yaweramira pansi.

Mukapeza malo amenewo foni isasunthenso, chozungulira ndi chikwama. Yambani ndi chakumaso molunjika, lamba mutamukonza bwino, kapena kumupinda kumbuyo kapena kumugoneka mokhota pambali. Ngati zogwirira zikugwa, mangani kaulusi kopyapyala koyera nkukokera mmwamba, pa pepala loyera sikaoneka kwenikweni. Kenako chitembenuzeni pafupifupi madigiri 45 kuti kumaso ndi m'mbali zioneke limodzi, ichi nthawi zambiri ndi chimene chimakoma kwambiri chifukwa chimaonetsa kunenepa kwa chikwama, ndipo ine ndi chomwe ndimaika poyamba mu katalogu. Apa samalani ndi kunyezimira, mukatembenuzira kumaso kwake kuzenera chikopa chimatha kuonetsa zenera lonse ngati chigamba choyera. Chisuntheni pang'ono pang'ono, madigiri ochepa chabe, muona chigambacho chikutsetsereka kupita m'mphepete nkusanduka kamzere kowala kokongola. Kachitsulo kaja kakaoneka kakuda ndiye kuti kakuonetsa chipinda chamdima chomwe chili kumbuyo kwanu, gwirani pepala loyera pafupi ndi foni mulisunthe mpaka kachitsuloko kawale.

Zotsatira ndi zachangu, chammbali, chakumbuyo, chapansi ngati pali timiyendo kapena posokedwa mwapadera. Chamkati nde chimafuna kusintha, chotsani mapepala aja, tsegulani zipi, chipendeketseni kukamwa kuyang'ane kuzenera kuti kuwala kulowe, mujambule kuchokera pamwamba, ndipo apa masulani loko uja mukweze kuwala chifukwa mkati mumakhala mdima. Anthu ogula zikwama amafuna kuona matumba amkati kuposa mmene ogulitsa amaganizira. Onjezani chapafupi chimodzi kapena ziwiri, ulusi, zipi, maonekedwe a chikopa, mukadali pa 2x ndipo osayandikira mpaka fokasi kukana. Ngati pali pokalika kapena katundu ndi wogwiritsidwapo kale, pajambuleni pooneka bwino, amene wagula atapaona sabweza. Chomaliza ndi cha kukula, chikwama chili paphewa pa munthu kapena m'manja, chifukwa pa pepala loyera chikwama chaching'ono ndi chachikulu zimaoneka chimodzimodzi, ndipo manambala a masentimita ambiri sawerenga.

Zinthu zafulati monga malaya kapena mikanda, foni imapita pamwamba penipeni kuyang'ana pansi, yogona mofanana ndi tebulo, zenera likadali chammbali. Pa iPhone, Grid kapena Level ikayatsidwa pamabwera timitanda tiwiri pakati, tikakumana ndiye kuti foni yagona bwino.

Kukonza ndi kutumiza

Apa dzanja likhale lopepuka. Mu pulogalamu ya zithunzi ya foni yomweyo kapena mu Snapseed, yambani ndi kuwongola ngati chapendekeka, kenako dulani. Makatalogu ambiri amaonetsa zithunzi za 1:1, nde dulani sikweya chikwama chili pakati, malo otsala m'mbali akhale ofanana pa katundu yense, apo ayi tsamba limaoneka china chachikulu china chaching'ono. Kwezani kuwala pang'ono kuti pepala liyere. Ngati pepalalo likuoneka labuluu kapena lachikasu, sunthani Warmth kapena White balance mpaka likhale loyera lopanda mtundu, pepala likakhala bwino ndiye kuti bulauni wa chikwama nayenso wabwerera mmalo. Saturation musaikhudze. Imakometsa zoona, koma bulauni amasanduka wofiirira ndipo wogula akalandira azati mwamutumizira china. Ikani chikwama pafupi ndi foni, pazenera pomwe paja, mufananize, ndipo Night Shift kapena Eye comfort shield, zija zimachititsa sikirini chikasu, zikhale zozima.

Ngati zithunzi mukutumiza kwa wina kuti aziike pa katalogu, kumbukirani kuti WhatsApp imazifinya mukatumiza mwa nthawi zonse, ulusi munavutikira uja umasungunuka. Tumizani ngati Document. A iPhone, masamba ena sakulandira mafayilo a HEIC, pitani pa Settings, Camera, Formats musankhe Most Compatible kuti izisunga JPG, muchite zimenezi musanayambe kujambula.

Musanachotse zinthu, matani timaselotepi pansi pomwe pali miyendo ya tebulo, pomwe paima foni ndi katoni yobweza kuwala ija, ndipo pa pepala ikani kadontho ka pensulo pomwe pamakhala pakati pa katundu, kazabisika pansi pake. Lembaninso nthawi yomwe mwajambulira, chifukwa kuwala kwa pazenera lomwelo m'mawa ndi madzulo kumasiyana mtundu ndi mphamvu, katundu wina akabwera muzajambule nthawi yomweyo kuti asazaoneke wachilendo pakati pa anzake. Pepalalo likulungeni, osalipinda, ndipo likada pomwe pamakhala katundu litembenuzeni, mbali yomwe inali kukhoma ibwere patebulo.